Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Malata 28

Bambo ndi Mayi anamanga ukwati mu Ogasiti 1984, ndiye chaka cha 2024 amakwanitsa zaka 40 ali m'banja. Ine monga chisamba ndinkadziwa kale mphatso yoti tiwapatse, chifukwa panali ngongole imene inkandilemera pamtima. Nditasankhidwa kupita ku sekondale, Bambo anali atagula malata 12 ndi ndalama za mbatatesi, atawasanja kuseri kwa chitseko. Anawagulitsa onse kuti andilipirire fizi, nyumba n'kukhalabe ya udzu.

Vuto linali kuyeza nyumba eni ake osadziwa. Mlongo wanga anadikira Lamulungu onse ali kutchalitchi, n'kuyeza ndi chingwe: mamita 9 m'litali, 6 m'lifupi. Mmisiri anatiwerengera kuti lata limodzi likasanjikizana ndi linzake limaphimba pafupifupi masentimita 76, ndiye ndi kakhonde komwe pafunika 13 mbali iliyonse, a mafiti 12. Tinawonjezera awiri oyembekezera, onse pamodzi 28. Anatichenjezanso za geji, kuti nambala ikamakula lata limapyapyala. La geji 32 n'lotchipa koma limabonyoka munthu akaliponda pokhoma, choncho tinasankha la geji 28. Kwacha itagwa mu Novembala 2023 mitengo inakwera, tinangoyamba kugula anayianayi mwezi ukatha n'kumakabisa kwa amalume kutsidya kwa dambo.

Zolankhula za pa tsiku la chikondwererocho ndinazilemba pa pepala, ndipo ndinakawawerengera amalume, poti ndiwo nkhoswe ya banjali. Ndinali nditalemba za mvula ya mu Januwale, Mayi akutchera mabeseni pakati pa usiku, ife tikukoka mphasa kuthawa modontha. Amalume anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mwanawe, zonsezo n'zoona, koma ukawavula bambo ako pagulu. Anthu akamva kuti mwamuna walephera kufolera nyumba zaka 40. Chotsa mabeseniwo, unene kumene malata aja anapita."

Usiku umenewo sindinagone. Ndinaona kuti pepala lija linkakamba za kuvutika kwanga, pamene tsikulo linali lawo. Ndinalembanso, ndipo linafupika kwambiri.

Tsikulo litafika tinayambira kutchalitchi, kenako pakhomo pansi pa mtengo wa mango. Analankhula ankhoswe a mbali zonse ziwiri, abusa anapemphera, anthu anafupa. Mwana salankhula akulu asanathe, ndiye ndinadikira mpaka amalume atandiitana. Ndinamanga bwino chitenje, ndinagwada patsogolo pawo, azing'ono anga atagwada kumbuyo kwanga.

"Zikomo mafumu, abusa, ankhoswe ndi nonse mwabwera. Bambo ndi Mayi, sindikulankhula ndekha, ndikulankhulira ana anu tonse asanu. Mwina mukuganiza kuti ndinali wamng'ono, sindinaone. Ndinaona, Bambo. Ndinaona ngolo itabwera m'mamawa kudzanyamula malata 12 amene munawasunga kuseri kwa chitseko, ndipo sabata yomweyo munandiperekeza kukakwera basi ndi sutikesi. Mayi, ndinu amene munawauza Bambo kuti denga lidikira koma sukulu ya mwana siidikira. Munagwirizana awiri, monga mwakhala mukuchitira zaka 40 zonsezi. Malata aja sanatayike. Anapita kusukulu, ndipo lero abwerera kwawo."

Apa mlongo wanga anaimba likhweru, ngolo ya amalume inatulukira kuseri kwa nkhokwe, malata akung'anima padzuwa. Nthungululu zinalira mpaka mawu anga omaliza, akuti mitengo ndi misomali zilipo ndipo mmisiri ayamba Lolemba mvula isanagwe, anawamva ndi okhala pafupi okha.

Mayi anafunda mpango kumaso. Bambo sanalankhule kanthu. Anadzuka pang'onopang'ono, anapita pa ngolo, anagwira ngodya ya lata limodzi n'kuyesa kulipinda ndi chala monga amachitira alimi pogula. Kenako anayamba kuwerenga limodzilimodzi, milomo ikugwedera. Atafika pa 12 anaima nthawi yaitali, dzanja lili pomwepo, ndipo amalume anapita kukaima pambali pawo.

Madzulo anthu atabalalika, Bambo anandiitana pakhonde. "Mayi, munayeza liti nyumba yanga?" Amanditchula choncho chifukwa ndinatenga dzina la amayi awo. Nditawafotokozera za chingwe cha Lamulungu lija anagwedeza mutu, n'kunena kuti udzu wakale tisautenthe, aufolerera khola la mbuzi.