Mmene ndimalembera zogula kumsika kuchokera pa ndiwo za sabata yonse

Pakhomo pathu tilipo anthu 5, akuluakulu awiri ndi ana atatu. Timakhala ku Area 25 ku Lilongwe, tilibe fuliji, ndipo kawirikawiri timaphika pambaula. Msika waukulu ndimachita Loweruka m'mawa ku Nsungwi, koma ntchito yake imayamba Lachisanu madzulo ndi pepala ndi cholembera.

Ndisanaganize n'komwe zoti tidye, ndimayamba ndavundukula zidebe ndi mabotolo. Ndimaona pamene ufa wafika, mafuta otsala, mchere, shuga, nsinjiro, nyemba zimene zili m'chitini, anyezi amene ali m'dengu, ndi makala. Zimenezi ndimazilemba kumbuyo kwa pepala ndi muyezo wake, mwachitsanzo "nyemba makapu 2, anyezi 3, mafuta theka la botolo". Kungolemba kuti nyemba zilipo n'kosathandiza, chifukwa tsiku lophika ukhoza kupeza kuti ndi zodzaza dzanja limodzi basi.

Kenako ndimawerenga miphika. Sabata ili ndi nkhomaliro 7 ndi mgonero 7, ndipo munthu akhoza kuganiza kuti pafunika ndiwo 14. Kwathu si choncho. Bambo a ana amadya kuntchito masana, ndipo ndiwo yaikulu ndimaphika kamodzi chakum'mawa kuti ikwane masana ndi madzulo. Ndiye kuti sabata yonse ndi miphika 7 ya ndiwo yaikulu ndi miphika 7 ya masamba. Amene amagula ngati aphika ka 14 ndi amene amataya masamba ofota Lachinayi.

Chimene ndimachisamala kwambiri ndi ndondomeko ya masiku. Sindiika ndiwo pa tsiku chifukwa choti ndaikhumba tsikulo, ndimaiika potengera msanga umene imaonongekera. Nyama yaiwisi popanda fuliji siigona, choncho ndi ya Loweruka lomwelo. Nkhwani ndi bonongwe zimafota tsiku limodzi, nazonso ndi za Loweruka. Mpiru ndi repu zimapirira masiku awiri ngati wazimasula pamtolo, wachotsa masamba achikasu, n'kuzikulunga m'nsalu yonyowa pamthunzi. Kabichi ndiye amadikira sabata yonse. Nyemba, usipa wouma, soya ndi mazira zilibe changu, ndipo n'zimene zimadzaza masiku akumapeto.

Ndondomeko imene timaitsata nthawi zambiri imakhala chonchi. Loweruka nyama ya ng'ombe ndi nkhwani wotendera. Lamulungu nyemba ndi mpiru, masana ndi mpunga, madzulo ndi nsima. Lolemba usipa ndi repu. Lachiwiri soya ndi theka la kabichi. Lachitatu mazira ndi masamba atsopano, Lachinayi nyemba kachiwiri ndi masamba omwewo, ndipo Lachisanu usipa ndi theka lotsala la kabichi uja. Nyemba ndimaziika Lamulungu ndi Lachinayi, osati masiku otsatizana, chifukwa nyemba zophika siziyenda masiku awiri nyengo yotentha. Mu Okutobala, mphika wa nyemba zothira matimati ukagona osauwiritsanso, m'mawa umaupeza wachita thovu ndipo wasasa. N'chifukwa chake zikapsa ndimapatula za madzulo ndisanakazinge ndi matimati, ndipo pozatenthetsa ndimaziwiritsa zenizeni, osati kungozifunditsa.

Apa tsopano ndi pamene ndiwo zija zimasanduka zinthu zogula. Ndimatenga mphika uliwonse n'kuuphwanya m'zimene zimalowamo, kenako n'kuphatikiza zofanana. Ndipereke chitsanzo cha matimati, chifukwa ndi amene amadya ndalama mwakachetechete ndiponso ndi amene amaola kwambiri. Nyama imafuna matimati 3 apakatikati, usipa 3, soya 3, mazira 3, nyemba 2, ndipo mphika uliwonse wa masamba umafuna mmodzi. Kuyambira Loweruka mpaka Lachiwiri, ndiwo zazikulu zimadya 11 ndipo masamba 4, onse pamodzi 15. Lachitatu mpaka Lachisanu, ndiwo zazikulu 8 ndi masamba 3, ndiye 11. Sabata yonse ndi 26, koma papepala la Loweruka ndimalemba 15 okha. Enawo ndimakagula Lachitatu. Ndipo pa 15 aja sindigula opsa onse: 7 ofiira a Loweruka ndi Lamulungu, 8 otsalawo ongoyamba kumene kupsa, kuti adzafiire okha podzafika Lolemba. Ndikafika kunyumba ndimawayala pa lichero mosasanjikiza, chifukwa mmodzi wophulika amaoletsa anzake m'jumbo.

Zina zimawerengeka msanga. Anyezi ndi mmodzi pa ndiwo yaikulu, ndiye 7, kuchotsapo 3 amene alipo kale, ndigula 4. Nyemba mphika umodzi wa tsiku lonse umafuna makapu 2, miphika iwiri makapu 4, ndipo poti m'chitini muli 2 ndigula 2. Nyama theka la kilo, mazira 8, soya mapaketi awiri aang'ono, usipa wa miphika iwiri, kabichi mmodzi wapakatikati wolimba ukamufinya. Za kadzutsa sindiziiwala, chifukwa zikasowa papepala zimadzatuluka m'mawa uliwonse ngati ndalama ya buledi ndi mandasi. Masiku a sukulu ana amamwa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, masiku ena tiyi ndi mbatata. Choncho nsinjiro ndimaiwerenga kawiri, ya phala ndi yotendera nkhwani.

Pali zinthu ziwiri zimene sizidyedwa koma ndimazilemba pamwamba penipeni: makala ndi ndalama ya kuchigayo. Masiku a nyemba ndi amene amatha makala, ndiye sabata ya miphika iwiri ya nyemba ndimaona bwino ngati m'thumba muli okwanira. Kuviika nyemba m'madzi usiku wonse kumachepetsa nthawi ya pamoto. Ufa kwathu umatha pafupifupi makilo 10 pa sabata. Ukapanda kuuona Lachisanu, umathera pakati pa sabata n'kuyamba kugula wa timapaketi, ndipo ufa wogula motero umakwera mtengo kuposa wogayitsa chimanga chako.

Pomaliza penipeni ndimatembenuza mndandandawo m'chinenero cha kumsika. Kumsika sagulitsa matimati 15, amagulitsa milu. Ngati mulu uli ndi 4 kapena 5, ndimalemba milu 3 kapena 4, koma pambali ndimasiya nambala 15 ija, chifukwa mitengo ikakwera wogulitsa nthawi zambiri sakweza mtengo wa mulu, amangouchepetsa. Mtolo wa mpiru nawonso umawonda nyengo ina. Nambala yako ndi imene imakuuza ngati wagula zokwana. Usipa amayeza pa mbale kapena pa mulu, ndiye ine ndimadziwa kuti mphika wathu umafuna wodzaza manja anga awiri, ndipo ndimayerekeza ndi pamenepo.

Pafupi ndi chinthu chilichonse ndimalemba mtengo umene ndinagulira sabata yatha, n'kuphatikiza. Ikapitirira ndalama imene ndili nayo, ndimadula ndili kunyumba, mutu uli pamalo. Chimene chimayamba kuchoka ndi nyama, ndipo m'malo mwake mumalowa nandolo kapena khobwe. Sindidula matimati, anyezi ndi mafuta pang'onopang'ono pena paliponse, chifukwa zikatero ndiwo zonse za sabata sizikoma ndipo ana amazisiya m'mbale, kumene kuli kutaya komweko. Kenako ndalama ya Lachitatu, ya matimati 11 ndi masamba a masiku awiri, ndimaipatula n'kuisiya kunyumba. Ikapita nawo kumsika Loweruka siibwerako.

Pa ndiwo zimene mtengo wake umasinthasintha ndimalemberatu cholowa m'malo. Usipa umadula mwezi ukamawala kwambiri, chifukwa asodzi amaukopa ndi nyali usiku ndipo kukawala sugwidwa wambiri. Umadulanso m'miyezi yozizira, mphepo ya mwera ikamavuta panyanja. Ndiye papepala pamakhala "usipa kapena matemba kapena bonya". Masamba a Lachitatu sindiwatchula dzina n'komwe, ndimangolemba "masamba, miphika 2", ndipo ndimagula amene achuluka tsikulo, kaya ndi chainizi, kholowa kapena chisoso. Matimati amakwera kwambiri m'dzinja, cha mu Januwale mpaka Malichi, mvula ikamaononga m'minda. Nthawi imeneyo ndimasintha ndiwo zenizenizo: zotendera zimachuluka, therere limalowa kawiri, ndipo nambala ya matimati imatsika pafupifupi ndi theka.

Ndikafika ku Nsungwi ndimazungulira kaye n'kufunsa mitengo ndisanatulutse ndalama. Ndimayamba kugula zouma, nyemba, soya, usipa ndi anyezi, chifukwa ndi zolemera ndipo zimakhala pansi pa chikwama. Nyemba ndimazitapa m'manja kuona ngati zili ndi timabowo ta anankafumbwe, ndipo ndimafunsa ngati ndi za chaka chino, chifukwa zakale zimachedwa kupsa ndipo zimene wapulumutsa pamtengo zimapita ku makala. Usipa ndimaununkhiza ndi kuona pansi pa mulu: ukakhala wofumbutuka, wonyowa kapena wa fungo la mafuta owola, umawawa mumphika. Nyama imabwera pambuyo pake, ndipo matimati, mazira ndi masamba pomaliza, pamwamba.

Mayesero aakulu ndi chinthu chotchipa chimene sichili papepala. Mayi wogulitsa akakuuza kuti "Tengani onsewa amayi, ndikuchotserani, ndi basera pamwamba", mtima umagunda. Ine ndimadzifunsa kuti chinthucho chilowa mumphika wa tsiku liti. Chikakhala ndi tsiku, ndimachigula n'kuchotsa chimene chinali pa tsikulo. Chikakhala chouma, monga nyemba nthawi yokolola, ndipo ndalama ilipo, ndimagula chifukwa chidzachepetsa pepala la sabata yamawa. Koma beseni la matimati opsa kale, ngakhale atchipe bwanji, ndimalisiya. N'chimodzimodzi ndi ulendo wa kumsika wa Lizulu m'tauni, kumene masamba, kabichi ndi mbatatesi zimatsikirako mtengo ukagula zambiri. Kwa banja ngati lathu, ukachotsa ya minibasi kupita ndi kubwera, phindu limatsala lochepa, pokhapokha mutagwirizana makomo awiri kapena atatu, mmodzi n'kupita kukagula kenako n'kugawana.

Pepala lija sindilitaya. Lachisanu lotsatira ndimalitenga n'kuona zimene zatsala ndi zimene zinatha msanga. Matimati akatsala 3 kapena 4 masabata awiri otsatizana, ndiye kuti muyezo wanga wa pamphika ndi waukulu, ndipo ndimautsitsa. Mafuta akatha Lachinayi, ndimaona ngati sabatayo inali ndi zokazinga zambiri, monga mazira ndi soya, n'kuzitalikitsa. Masamba akamatsala mumphika madzulo, vuto nthawi zambiri si kuchuluka kwake koma mtundu wake: kwathu kabichi wa Lachisanu ankabwerera mpaka nditayamba kumuphika motendera. Kukabwera alendo, ndimakokera kutsogolo ndiwo ya Lachisanu n'kuwonjezera mphika umodzi papepala la Lachitatu.