Zimene ndaphunzira polemba mawu oyankha vidiyo ya munthu wina

Kwa milungu itatu tsopano ndakhala ndikuphunzira kulemba mawu a vidiyo yolumikiza pa ya munthu wina, njira imene pa TikTok imatchedwa Stitch. Njirayi inayamba mu 2020, ndipo imalola kutenga kachidutswa kosapitirira masekondi 5 ka vidiyo ya mnzako, ngati mwini wake sanatseke mwayiwo, kenako iwe n'kupitiriza ndi mawu ako. Imasiyana ndi Duet, momwe mavidiyo awiri amaonekera limodzi mbali ndi mbali, chifukwa mu Stitch mnzako akangotha masekondi ake, woonera amatsala ndi iwe wekha.

Vidiyo imene ndinasankha inali ya mayi wina amene amalangiza kuti foni ikanyowa izikwiriridwa mu mpunga usiku wonse. Nkhaniyi inandikhudza chifukwa kuno ku Mzuzu mvula imatha kukupeza pakati pa Katoto ndi Luwinga popanda pobisala, ndipo ine ndinataya foni mwa njira yomweyo. Pa kuyesa kwanga koyamba ndinayamba ndi moni, ndinatchula dzina langa, ndinabwereza zimene mayiwo ananena, kenako ndinati sindikugwirizana nazo. Amene amatiphunzitsa ataonera anandifunsa kuti, "Mukachotsa masekondi asanu a mayiwa, chimene chatsala chingamuthandize ndani?" Ndinaonerera ndekha mbali yangayo ndipo ndinapeza kuti masekondi 14 oyambirira analibe chilichonse chimene woonera sanamve kale.

Ndinalembanso. Moni ndinachotsa, ngakhale kuti kwa ife kuyamba kuyankhula osalonjera kumamveka ngati kusaleredwa, ndipo ndinamuika kumapeto pamodzi ndi kuthokoza mwini vidiyo. Chiganizo choyamba chinakhala yankho lenileni: "Mpunga suyamwa madzi amene alowa mkati mwa foni, ndipo chimene chimapha foni msanga ndi kuilumikiza ku chaja isanaume." Pambuyo pake ndinaika umboni umodzi wokha, wakuti kampani ya Apple imalangiza poyera kuti foni isaikidwe mu mpunga, popeza tizidutswa take tingalowe m'kati n'kuiwononga, ndiponso kuti kuuma kwenikweni kungatenge mpaka maola 24. Kenako ndinaonetsa ndi manja zoyenera kuchita: kuizimitsa, kuchotsa chikuto ndi kakhadi ka SIM, kuigogoda pang'onopang'ono pa chikhatho kabowo ka chaja katayang'ana pansi, ndi kuisiya pouma podutsa mpweya. Mbali imeneyi ndinaijambula pa khonde, foni yakale ya mng'ono wanga ili pa mbale, kuti woonera aone ndi maso mmene kabowoko kayenera kuyang'anira.

Kuyeza utali wa mawu kunandiphunzitsa chinthu chimene sindinachiyembekeze. Ndinalemba mawu 90 poganiza kuti akwana masekondi 40, koma nditawawerenga mokweza ndi wotchi anatenga masekondi 55, chifukwa mawu athu monga "ndikanakulangizani" ndi amodzi pa pepala koma ndi aatali pakamwa. Tsopano sindiwerengetsanso mawu, ndimawerenga mokweza ndi wotchi, ndipo pamene mpweya wandithera ndimadula chiganizo pomwepo.

Cholakwa chimene chinandipweteka mtima kwambiri chinali cha kasankhidwe ka masekondi asanuwo. Ndinatenga pamene mayiwo akuthira mpunga m'poto, chifukwa ndi pamene pamakopa maso, koma nditabwerera kuonera vidiyo yawo yonse ndinapeza kuti cha kumayambiriro ananena kuti foni izizimitsidwa kaye, ndipo pamenepo ananena zoona. Kachidutswa kanga kanawaonetsa ngati munthu amene sadziwa kanthu, ndipo woonera Stitch yanga sakanadziwa zimenezo pokhapokha atadina dzina lawo n'kukaonera yekha, zomwe ambiri sachita. Sindinathe kuwonjezera masekondi, choncho ndinakonza ndi mawu anga, ndipo chiganizo chachiwiri chinakhala chakuti, "Mayiwa ananena bwino kuti muizimitse kaye, pamene tikusiyana ndi pa mpunga pokha." Ndikuganiza kuti chiganizo chimenechi n'chofunika ngati umboni wa Apple uja, chifukwa mutu wa nkhani, nkhope ndi oonera oyamba ndazibwereka kwa mayiwo.

Ndatsala ndi vuto limodzi la phokoso. Mayiwo anajambula m'nyumba mwakachetechete, pamene ine ndinajambula mvula ikugunda malata, kotero polumikizira pamamveka ngati wailesi yasintha siteshoni. Loweruka ndikajambulanso m'mawa kusanachite phokoso, foni yojambulira ili pafupi ndi pakamwa, ndipo ndikayamba kuyankhula pa sekondi yoyamba yeniyeni m'malo moyamba ndi kukonza kolala monga ndinachitira poyamba.