Ndisanatenge limiti, ndimayamba ndayesa n = 4

Sabata ino takhala tikuphunzira kupeza intigiralo, kapena kuti kukula kwa malo a pansi pa galafu, pophatikiza timarekitango. Anzanga ambiri akuti n'kutaya nthawi chifukwa pali njira yachidule imene imapereka yankho m'mizere iwiri. Zoona, njirayo ilipo. Koma ine chandikopa si yankho lomaliza. Ndi mzere umene umabwera tisanatenge limiti, pomwe n, chiwerengero cha marekitango, adakalipo, chifukwa mzere umenewo ungathe kuuyesa ndi manambala enieni n'kudziwa wekha ngati walondola.

Funso limene ndagwiritsa ntchito ndi la kukula kwa malo amene ali pansi pa galafu ya y = x², kuyambira pa x = 1 kukafika pa x = 3. Ndasankha dala kuyambira pa 1. Zitsanzo zoyambira pa 0 zimabisa zinthu, popeza 0 ukamuiwala palibe chimasintha.

Pamwamba pa malowa m'popindika, ndiye sitingangochulukitsa mulitali ndi mulifupi. Timawadula m'timagawo n tofanana, ndipo pa kagawo kalikonse timaimikapo rekitango, ngati matabwa oimikidwa mondondozana pansi pa denga lopendekeka. Mtunda wonse ndi 3 − 1 = 2, choncho rekitango iliyonse mulifupi mwake ndi 2/n. Kutalika kwake timakutenga pa galafu, ndipo ine ndatenga m'mphepete mwa kumanja. Kuti ufike m'mphepete mwa rekitango ya nambala i, umayambira pa 1 n'kuyenda masitepe i, lililonse la 2/n.

```
Δx = 2/n
xᵢ = 1 + 2i/n
f(xᵢ) = 1 + 4i/n + 4i²/n²
```

Kukula kwa rekitango imodzi ndi f(xᵢ) kuchulukitsa ndi Δx. Tikaphatikiza onse kuyambira i = 1 mpaka i = n timapeza Sₙ, ndipo intigiralo ndi nambala imene Sₙ amayandikira n akamakulirakulira osalekeza.

```
∫₁³ x² dx = lim (n→∞) Σ f(xᵢ)·Δx
Sₙ = Σ (2/n + 8i/n² + 8i²/n³)
```

Apa pali mfundo imene imasokoneza anthu ambiri. M'kati mwa sigima, chizindikiro cha Σ chotanthauza kuphatikiza, chimene chikusintha ndi i yekha. n wangokhala phee: ngati wadula timagawo 50, ndiye kuti n ndi 50 kuyambira rekitango yoyamba mpaka yomaliza. Choncho chilichonse chokhala ndi n yekha chimatuluka kunja kwa sigima ngati nambala wamba. n amadzayamba kuyenda pambuyo pake, pa limiti. Zotsala m'kati timazithetsa ndi mafomula atatu awa:

```
Σ 1  = n
Σ i  = n(n+1)/2
Σ i² = n(n+1)(2n+1)/6
```

Gawo loyamba likhala 2/n kuchulukitsa ndi n, yomwe ndi 2. Lachiwiri ndi 8/n² kuchulukitsa ndi n(n+1)/2, ndipo ukachepetsa umatsala ndi 4 + 4/n. Lachitatu ndi lautali pang'ono: 8/n³ kuchulukitsa ndi n(n+1)(2n+1)/6 kumapereka 8/3 + 4/n + 4/(3n²). Zonse pamodzi:

```
Sₙ = 26/3 + 8/n + 4/(3n²)
```

Limiti yake ikuonekeratu. n akakula kwambiri, 8/n ndi 4/(3n²) zimachepa n'kuyandikira 0, ndipo pamatsala 26/3, pafupifupi 8.667. Njira yachidule ikuvomereza: x³/3 pa 3 ndi 9, pa 1 ndi 1/3, ndipo kusiyana kwake ndi 26/3.

Koma tiyeni tibwerere pa Sₙ. Mzerewu sukuyerekeza chabe, ukunena ndendende kukula kwa marekitango n aliwonse amene ungajambule. Ndinatenga n = 4 n'kuwerenga pamanja. Mulifupi ndi 0.5, mphepete za kumanja ndi 1.5, 2, 2.5 ndi 3, ndipo kutalika kwake ndi 2.25, 4, 6.25 ndi 9. Kuphatikiza kumapereka 21.5, theka lake ndi 10.75. Tsopano ika 4 mu fomula ija: 8.667 + 2 + 0.083, yomwe ndi 10.75. Zikagwirizana chonchi, mtima umakhala m'malo kuti alijebura yonse yayenda bwino.

Zolakwika ziwiri zimene zimachitika kawirikawiri zimagwidwa pomwepa. Choyamba ndi kuiwala 1 uja n'kulemba xᵢ = 2i/n. Masamu ake amayenda bwinobwino mpaka kumapeto, ndipo umapeza 8/3. Vuto ndi lakuti wayankha funso lina, la kuchokera pa 0 kukafika pa 2. Ukayesa n = 4, fomula yako ipereka 3.75 pomwe pamanja wapeza 10.75.

Chachiwiri n'chobisika kwambiri: kulemba Σ 1 = 1, kuiwala kuti 1 ameneyo akuphatikizidwa maulendo n. Gawo loyamba limatsala 2/n, limasowa pa limiti, ndipo yankho limatuluka 20/3. Nambalayi siikayikitsa ukangoiona. Ndipo munthu wofuna kufulumira akayesa n = 1, cholakwikacho sichioneka, chifukwa pamenepo 2/n ndi 2, ndipo fomula yolondola ndi yolakwika zonse zimapereka 18. N'chifukwa chake n = 1 sindimamudalira. Pa n = 4 yolakwikayo imapereka 9.25, ndipo yagwidwa.

Sₙ amatiuzanso kuti taphonya ndi zingati. Galafu ya x² ikukwera pakati pa 1 ndi 3, ndiye marekitango oyezera kumanja amapitirira pamwamba pake, ndipo zopitirirazo ndi pafupifupi 8/n. Pa n = 100 timapeza 8.747, kupitirira ndi 0.08. Kuti zopitirirazi zichepe kakhumi, marekitango ayenera kuchuluka kakhumi. Kunena zoona, ndi njira yoyenda pang'onopang'ono kwa wofuna nambala chabe. Tikadayezera kumanzere, marekitango anayi akadapereka 6.75, yochepera, ndipo fomula ikadakhala ndi −8/n m'malo mwa +8/n. Mbali zonse ziwiri zikuthinana kulowera pa 26/3. Ndi mmenenso tingakanire 20/3 popanda kuwerenga zambiri: 6.667 ndi yochepa kuposa 6.75, pamene 6.75 ndi ya marekitango amene onse ali pansi pa galafu.

Kusankha kumanja kapena kumanzere kulibe kanthu pa limiti, ndipo m'pamene pagona tanthauzo limene Bernhard Riemann analemba ku Göttingen m'chaka cha 1854, lomwe linasindikizidwa mu 1868 iye atamwalira kale. Intigiralo imakhalapo pokhapokha ngati yankho lili limodzi, kaya wayezera pati m'kagawo kalikonse, malinga timagawo tonse tikucheperachepera.

Njirayi ili ndi malire ake. Yatheka apa chifukwa tili ndi mafomula a Σ i ndi Σ i², ndipo pa x³ pali Σ i³, yomwe ndi n(n+1)/2 kuchulukitsa ndi iyo yomwe. Koma yesani y = 1/x kuchokera pa 1 kukafika pa 2. Δx ndi 1/n, xᵢ ndi 1 + i/n, ndipo Sₙ akhala Σ 1/(n+i). Kulemba kwatheka, limiti ilipo, koma i ali pansi pa mzere wogawa ndipo palibe mwa mafomula aja imene ingamutulutse. Pamanja, n = 4 imapereka 1/5 + 1/6 + 1/7 + 1/8, pafupifupi 0.635, ndipo yankho lenileni, ln 2 kapena kuti 0.693, tiyenera kukalipeza ndi njira yachidule ija.