Kuchokera pa mluzu wa usiku mpaka tsiku logawa chimanga

Ndine mlembi wa komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi kwa gulupu wathu, kuno kwa Kachindamoto m'boma la Dedza. Alendo amadabwa tikawauza kuti madzi amatha kutilowera m'nyumba kumwamba kuli nyenyezi zokhazokha. Ife tili kuchigwa. Mvula ikagwa kumapiri a Dedza ndi Ntcheu, mitsinje ngati Livulezi imatsika ndi liwiro kulowera kunyanja, ndipo ikafika posalala pano imamwazika m'minda ndi m'midzi. N'chifukwa chake ife sitidalira kuyang'ana mitambo yokha. Uthenga wa a zanyengo pa wailesi umatiuza kuti tikhale tcheru sabata imeneyo, koma wotiuza kuti madzi anyamuka ndi mnzathu wa komiti ya kumtunda, pa foni.

M'mbali mwa mtsinje tinazika mlongoti wopakidwa utoto wamitundu itatu. Madzi akakhala pobiriwira palibe vuto. Akafika pachikasu timauza anthu kuti amange ziphaso, mabuku a kusikelo ndi ufa m'mapepala apulasitiki, amasule mbuzi, ndipo agogo ndi amayi oyembekezera anyamukiretu. Akakhudza pofiira sitikambirananso. Usiku wina womwe madzi anasefukira m'mudzi mwathu, foni inalira cha m'ma 11 koloko, anyamata anakapeza madzi atadutsa kale pachikasu, ali bii ndi matope, atanyamula nthambi ndi mapesi. Tinaliza mluzu, wapampando anayenda ndi mkuzamawu, anthu n'kusonkhana kusukulu ya pulaimale yomwe ili pachitunda. Sitinataye munthu.

Ntchito ya mlembi imayamba kukacha. Lipoti loyamba ndi la pafoni ndipo silidikira kuti muwerenge zonse: chachitika n'chiyani, kuti, nthawi yanji, alipo womwalira, wovulala kapena wosowa, mabanja okhudzidwa ndi angati mongoyerekeza, anthu agona kuti, msewu ukudutsika kapena ayi. Uthengawu umapita ku komiti ya kwa mfumu yaikulu, iyo imatumiza kwa mkulu woona za ngozi ku khonsolo, komiti ya boma yotsogoleredwa ndi bwanamkubwa imaunika, kenako lipoti limapita ku Dodma, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ku Lilongwe. Makomitiwa anayamba pansi pa lamulo la 1991, lomwe linalowedwa m'malo ndi lamulo latsopano mu 2023, chaka cha namondwe Freddy. Ena amafuna kudumpha, kuimbira phungu kapena mtolankhani kaye. Aimbeni ndithu, koma katundu amatsata lipoti lomwe ladutsa m'makomiti.

Chovuta ndi kaundula wa mabanja okhudzidwa. Musamulembe pansi pa mtengo anthu atakuzungulirani, chifukwa aliyense amene wamva kuti kukulembedwa maina amabwera, ngakhale wa mudzi womwe madzi sanafike. Ife tinayenda khomo ndi khomo, anthu anayi: ine, mayi mmodzi wa mu komiti, nthumwi ya amfumu ndi mlangizi wa zaumoyo. Pa banja lililonse tinalemba dzina la mutu wa banja monga lilili pa chiphaso cha unzika, chiwerengero cha amuna ndi akazi, ana osakwana zaka 5, okalamba, aulumali, oyembekezera ndi odwala nthawi yaitali, kenako zomwe zawonongeka.

Banja timaliwerenga potengera mphika. Anthu ophika ndi kudya pamodzi ndi banja limodzi, ngakhale agone nyumba ziwiri. Gowelo la anyamata likagwa si banja lapadera ayi. Koma pamitala, mayi aliyense wokhala ndi moto wake ndi ana ake timamulemba payekha, m'dzina lake, osati la bambo. Mukalemba bamboyo kamodzi, thumba limakathera kunyumba imodzi, inayo ana n'kugona ndi njala.

Nyumba nazo tinazigawa pawiri: zogweratu, ndi zowonongeka koma zoti munthu angakonze. Apa ndi pomwe pamakhala mikangano. Pakhomo pena tinapeza nyumba ya zidina zosawotcha itaima bwinobwino, denga lili chilili, ndipo mwini wake anati, "Alembi, musavutike, yanga yapulumuka." Titagwira khoma cha m'munsi, chala chinalowa ngati mu nsima, ndipo mzere wa madzi unali wofika m'chiuno. Nyumba yotere imagwa ikamauma. Tinawapempha bamboyo kuti asagonemo ndipo tinailemba m'gulu la zogweratu, ndi chifukwa chake pambali. Za minda tinasiyira mlangizi wa zaulimi, amene amasiyanitsa chimanga chongogona, chomwe chimadzuka madzi akaphwa msanga, ndi chokwiririka ndi mchenga. Mlangizi wa zaumoyo anawerenga zimbudzi zogumuka ndi zitsime zolowa madzi, n'kuyamba kugawa kolorini tsiku lomwelo poopa kolera.

Tinapeza mabanja 47: 19 nyumba zogweratu, 28 zowonongeka. Tisanatumize, amfumu anaitanitsa msonkhano ndipo ndinawerenga maina onse mokweza. Sitepe imeneyi sindingaidumphe ngakhale nditatopa bwanji, pakuti dzina lachinyengo silipirira pagulu, ndipo woiwalika amadzinenera yekha. Wapampando anasaina, agulupu anadinda, ine n'kukopera kaundula yense m'kope langa ndi kumujambula pafoni.

Kenako kunabwera gulu lochokera ku boma kudzatsimikiza. Iwo sayendera nyumba zonse. Amatola maina apa ndi apo n'kunena kuti tiperekezeni kwa uyu. Akapeza awiri kapena atatu abodza amakayikira pepala lonse, ndipo ovutika enieni ndi amene amachedwerapo.

Galimoto itafika, inali ndi matumba 30 a chimanga a makilogalamu 50, pamodzi ndi mabulangete, ndowa ndi mapepala apulasitiki ofolerera. Tinawerenga katunduyo asanatsitsidwe yense, n'kufananiza ndi pepala la dalaivala wapampando asanasaine. Matumba 30, mabanja 47. Ena anati tingotsegula matumba tigawane ndi ndowa mudzi wonse, monga timachitira pamaliro. Mtima umenewo ndimaumvetsa, koma sindinagwirizane nawo, chifukwa thumba limodzi pa banja la anthu 6 silifika ngakhale kumapeto kwa mwezi, ndiye mukaligawanso wopanda nyumba uja amatsala ndi chakudya cha masiku ochepa. Tinayamba ndi mabanja 19 aja. Matumba 11 otsala anapita kwa omwe mwa 28 aja nkhokwe kapena ufa wawo unapita ndi madzi, poyambira mabanja a agogo olera ana amasiye, aulumali ndi amayi oyembekezera. Apa mizere ija ya pa kaundula inatiyankhulira, sitinasankhe ndi nkhope. Wolandira akafuna kupatsako mnansi kunyumba kwake, zimenezo ndi zake, koma pasapezeke mtsogoleri wotapa m'thumba la munthu.

Aliyense anaitanidwa dzina, kuonetsa chiphaso, kusaina kapena kudinda chala. Omwe ziphaso zawo zinapita ndi madzi anachitiridwa umboni ndi amfumu pamaso pa onse. Tisanayambe, wapampando analengeza kuti thandizoli ndi laulere: palibe ya sopo, palibe ya transipoti, ndipo wopempha mayi kapena mtsikana kuti agone naye kuti alembedwe akanenedwe kupolisi. Tinaika tebulo la madandaulo patali pang'ono, pomwe panakhala anthu awiri osakhala a mu komiti.

Dandaulo lochuluka linali la anthu amene amalandira chimanga cha nthawi ya njala, omwe ankayembekeza kuti maina awo alipo. Tinawafotokozera kuti kaundula wa njala amachokera pa kafukufuku wa zokolola wa chaka ndi chaka, pomwe uyu ndi wa ngozi ya usiku umodzi. Mabanja 17 otsala tinawalemba pa pepala lawolawo, ndi zosowa za banja lililonse, n'kutumiza ku komiti ya kwa mfumu yaikulu limodzi ndi mapepala osainidwa aja, kuti bungwe lililonse lobwera pambuyo liyambire pa iwo.