Mukagundana pamsewu kuno ku Joni, a inshuwalansi amve tsiku lomwelo

Abale anga oyendetsa galimoto, ngozi ikachitika musadikire kuti mwina wakugundaniyo akonza yekha. Lamulo la dziko lino limati mukanene kupolisi pasanathe maola 24, ndipo kumeneko amakupatsani nambala ya AR, yomwe ndi nambala ya lipoti la ngozi. A inshuwalansi ambiri amapereka masiku 30 oti muwadziwitse, ena ochepera, choncho onani pa pepala la mgwirizano wanu. Koma ine ndimati imbani foni tsiku lomwelo, kalata itsatire pa imelo kuti pakhale umboni wa tsiku limene munanena. Mukachedwa, mboni zimasowa, ndipo a inshuwalansi amapeza poyambira kukana kulipira.

Kalatayo isatalike. Tinene kuti teksi yakugundani kumbuyo pa maloboti a mumsewu wa Louis Botha. Lembani dzina lanu, nambala ya inshuwalansi, nambala ya galimoto, tsiku, nthawi ndi mphambano yeniyeniyo. Nenani amene amayendetsa ndipo ikani chithunzi cha laisensi yake. Kenako dzina, foni ndi nambala ya galimoto ya winayo, mboni ngati zilipo, nambala ya AR ndi polisi imene munapita. Fotokozani zimene munaona basi: ndinaima pa loboti yofiira, teksi inagunda kumbuyo, bampala ndi nyali yakumanja zasweka. Ngati wina wavulala, tchulani.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi ulemu wathu uja, kufulumira kunena kuti ndalakwa ndine, ndilipira. Musavomere mlandu pamsewu kapena m'kalata, zimenezo asiyireni a inshuwalansi. Galimotonso musaipereke kwa makaniko iwo asanatumize munthu wodzaiona.