Mmene ndinaphunzirira kuika "ji" pamalo pake ku Delhi

Aliyense wofika kumpoto kwa India amawamva mawu aulemu oti "ji" lisanathe tsiku loyamba. Amamveka m'sitolo, pa lamya, m'kalasi, ngakhale pa wailesi akamatchula Gandhi ji. Mu zilembo za Chihindi amalembedwa जी. Kuwamva n'kosavuta, koma kudziwa pomwe ungawaike iwe mlendo ndi nkhani ina. Ine ndinali wophunzira ku Delhi, ndikuchita lendi chipinda chapamwamba pa nyumba ya banja lina lalikulu, ndipo atandiitana kukadya nawo pa chikondwerero cha Diwali ndinaona kuti sindingalowe m'nyumba yodzaza akuluakulu osadziwa mowaitanira. Ndinakhala pansi ndi mwana wamkazi wa eni nyumba, wa msinkhu wanga, n'kumufunsa mafunso mmodzimmodzi.

Funso langa loyamba linali lakuti kodi "ji" ndi wa amuna kapena akazi. Anandiyankha kuti ndi wa onse, sasintha. Amabwera kumapeto, pambuyo pa dzina, mfunda, udindo kapena mawu a chibale. Mayi ndi Mata ji, bambo ndi Pita ji, mphunzitsi wa zauzimu kapena wa nyimbo ndi Guru ji, wansembe wa Chihindu ndi Pandit ji. Ahindu amauikanso pa milungu yawo ndi pa mtsinje wopatulika, mumva akuti Hanuman ji, Ganesh ji, Ganga ji. Apa ndinapeza poyambira, chifukwa ntchito yake ikufanana ndi ya "a" wathu amene timaika kutsogolo tikamati aPhiri kapena achimwene, kungoti wawo amakhala kumbuyo.

Ndinaganiza kuti ndamaliza: ndifunse mayina a onse, ndiwonjezere "ji", basi. Mnzangayo anapukusa mutu. Anati vuto lalikulu si "ji" ayi, koma chimene ukumumangirirapo. Munthu wa msinkhu wa agogo ako sumutchula dzina lake loyamba, ngakhale uwonjezere "ji" kumapeto. Dzinalo lokha m'kamwa mwa mwana ndi mwano kale. Dzina loyamba ndi "ji" zimayenera pakati pa anthu ofanana msinkhu amene sanazolowerane, monga ogwira ntchito limodzi. Mfunda ndi "ji", mwachitsanzo Sharma ji kapena Gupta ji, ndi wa bambo woyandikana naye nyumba, wa ku ofesi, kapena mwini sitolo amene ukumudziwa. Koma ukalowa m'nyumba ya anthu ngati mnzake wa mwana wawo, umatenga malo a mwanayo, n'kumaitana akuluakulu mmene iye amawaitanira.

Apa m'pamene panali ntchito, chifukwa Chihindi chimasiyanitsa abale kwambiri. Tinatenga pepala n'kulemba onse amene adzakhalepo. Agogo aamuna obereka bambo ake ndi Dada ji, agogo aakazi ndi Dadi ji. Akanakhala a kuchikazi, obereka mayi ake, akanakhala Nana ji ndi Nani ji, ndipo kusokoneza ziwirizi anthu amakuwongola pomwepo. Mkulu wawo wa bambo ake, amene timati bambo aakulu, ndi Tau ji, pamene bambo aang'ono ndi Chacha ji. Azakhali ndi Bua ji. Mchemwali wa mayi ndi Mausi ji. Amene anandidabwitsa ndi amalume: iwo amati Mama ji, ndipo ndinachita kudzikumbutsa kuti ameneyu ndi mwamuna.

Nanga makolo ake enieni? Sindikanati Pita ji kapena Mata ji, popeza si ondibereka. Anandiuza kuti m'mizinda ana a anzawo amangoti Ankal ji ndi Anti ji, mawu omwewa amene ife timati ankolo ndi anti. Mchimwene wake wamkulu ndi bhaiya, ndipo kawirikawiri mawuwa amakwanira okha. Mkazi wa mchimweneyo ndi Bhabhi ji. Ana aang'ono ndi mayina awo okha. Anandichenjezanso za Anti ji: m'nyumba muja ali bwino, koma pamsika usamuitane choncho mayi amene sakuposa kwenikweni, akhoza kukhumudwa kuti wamukalambitsa. Wotere ndi didi, kutanthauza mchemwali wamkulu. Woyendetsa njinga yamoto ya matayala atatu kapena wogulitsa ndiwo zamasamba ndi bhaiya. Mawu oti Behen ji nawonso amafuna kusamala. Ndi aulemu ndithu, ndipo ndi mmene otsatira Mayawati, amene anatsogolerapo boma la Uttar Pradesh, dera la kumpoto kwa India, amamutchulira, koma pakati pa achinyamata a m'tauni amagwiritsidwa ntchito ponyodola mtsikana wooneka wachikalekale.

Funso limene linandithandiza kuposa onse ndinalifunsa mongodutsa: kodi ndikati Dada ji, mawu otsatira akhala bwanji? Yankho lake ndilo phata la nkhani yonseyi. Chihindi chili ndi njira zitatu zonenera munthu amene ukulankhula naye. Pali "tu", wa mwana wamng'ono, wa bwenzi la ponda apa m'pondepo, kapena wa Mulungu popemphera, ndipo kwa mlendo ndi chipongwe. Pali "tum", wa anzako ndi ang'ono ako. Ndiye pali "aap", wa ulemu. "Ji" amayenda ndi "aap", ndipo mneni naye amasintha. Pouza munthu kuti akhale pansi, wa "tu" umati "baith", wa "tum" umati "baitho", wa "aap" umati "baithiye". Ukati "Dada ji, baitho" uli ngati munthu amene wanena kuti "agogo, khala pansi". Ulemu umene unaupereka ndi mawu oyamba waulanda ndi achiwiri.

Zimapitirira ngakhale mwini wakeyo palibe. Ponena za munthu wamkulu, mneni amakhala wochulukitsa. Mwana akagona amati "so raha hai", koma agogo aamuna akagona amati "Dada ji so rahe hain". Kwa ife a Chichewa izi sizachilendo, timati agogo agona, sitinena kuti wagona, choncho mutu wanga unazigwira msanga. Chimene chinavuta ndi lilime. Kwa agogo aakazi amati "Dadi ji so rahi hain", ndipo kusiyana kwake ndi mawu onenera kamtsikana, "so rahi hai", ndi kamvekedwe ka m'mphuno kokha kumapeto. Chilembo cha n chija sichitchulidwa ngati n wathu; mawu amangotulukira m'mphuno. Tinabwereza mawu amenewa madzulo onse mpaka mnzangayo atavomera kuti akumva kusiyana. Moni naye ndinamuloweza pawiri: kwa mwamuna "Aap kaise hain?", kwa mkazi "Aap kaisi hain?"

Kenako ndinafunsa za ine mwini. Akandifunsa dzina, ndiwonjezere "ji"? Anakana kwamtuwagalu. Munthu sadziika "ji". Umangoti "Mera naam", dzina lako, "hai", kutanthauza kuti dzina langa ndine uje. Ulemuwu amakupatsa ndi ena. Mkulu akhoza kukuitana ndi dzina lako n'kuwonjezera "ji" pofuna kukulemekeza ngati mlendo, kapena kunena "beta ji" mwachikondi, ngati akuti mwana wanga, koma zimenezo sizikupatsa chilolezo chomutchula iye dzina.

Tsikulo litafika, ndinavula nsapato pakhomo n'kulowa. Timiphika tadothi ta mafuta tinali titayatsidwa m'mbali mwa masitepe ndi pa mawindo. Ndinayamba ndi agogo aamuna, amene anakhala pampando pafupi ndi khomo, ndinaphatikiza manja pachifuwa n'kunena "Namaste, Dada ji", kenako agogo aakazi, kenako Tau ji, kutsika motero malinga ndi msinkhu. Adzukulu awo ankawerama n'kugwira mapazi a agogowo, iwo n'kuwaika dzanja pamutu powadalitsa. Mnzanga anali atandiuza kale kuti mlendo sakakamizidwa kutero, manja ophatikiza akwanira.

Pa chakudya m'pamene ndinaona ntchito ina ya "ji", imene sindinaifunse chifukwa sindinkaidziwa bwino. Amaima payekha. Agogo aakazi akaitana mpongozi wawo, iye ankayankha kuti "ji", monga ife tivomera kuti "wawa" kapena "ee". Akapanda kumva bwino ankakweza mawu kumapeto, "ji?", kutanthauza kuti bwerezani. Kuyankha mkulu kuti "kya?", kutanthauza chiyani, kapena "haan" wouma, kutanthauza inde, kumamveka kwamwano. Kuvomera mwaulemu ndi "ji haan", ngakhale ku Delhi umamva kwambiri "haan ji", ndipo kukana ndi "ji nahin". Kumeneku kunandithandiza pamene Dadi ji ankandiwonjezera maswiti a mkaka m'mbale mosalekeza: "Ji nahin, dhanyavaad", kutanthauza ayi zikomo, dzanja lili pamwamba pa mbale. M'malingaliro anga, mlendo amene sadziwa Chihindi ayambe ndi "ji" woyankhirayu, chifukwa sangalakwike naye ndipo amafewetsa ngakhale chiganizo chothyoka.

Pakati pa alendo panali bambo wina wachisilamu, mnzawo wakalekale wa eni nyumba, ndipo ndinamva onse akumuitana ndi mfunda wake n'kuwonjezera "sahab" m'malo mwa "ji". Nditafunsa pambuyo pake, anandifotokozera kuti "ji" sakanamulakwira, koma pakati pa Asilamu ndi olankhula Chiurdu chizolowezi ndi "sahab", monga Khan sahab, ndipo pomuyankha mwaulemu ena amati "janab". Maudindo ena nawonso amakonda "sahab" posatengera chipembedzo: dokotala ndi Daktar sahab, loya ndi Vakil sahab. Bambo wachisikhi wovala nduwira ndi Sardar ji. M'makalata ndi pa misonkhano amaika Shri kutsogolo kwa dzina la mwamuna ndi Shrimati kwa mayi wokwatiwa, ndipo wolankhula pa nsanja akhoza kuika zonse, Shri kutsogolo, "ji" kumbuyo, koma m'nyumba zimenezi zimamveka ngati ukuwerenga chikalata.

Malire ena ndi a dera. "Ji" ndi wa kumpoto ndi pakati pa India, kumene Chihindi ndi Chipanjabi zili ndi mphamvu. Kummwera anthu ali ndi njira zawo: olankhula Chitelugu amaika "garu" kumapeto kwa dzina. Amwenye ambiri a ku Limbe ndi ku Lilongwe makolo awo anachokera ku Gujarat, ndipo kumeneko chofala ndi kuwonjezera "bhai" pa dzina la mwamuna ndi "ben" pa dzina la mkazi. Choncho ndikakumana ndi munthu watsopano ndimayamba ndamvetsera mmene a m'nyumba mwake kapena a kuntchito kwake akumuitanira. Ngati palibe womvera, ndimagwiritsa "aap" ndi "ji" woyankhira, dzina ndikulisiya kaye mpaka nditafunsa wina wamng'ono wa pakhomopo kuti munthuyo ndi ndani kwa iye.