Zikomo Madamu, Kalata Yafika

Kalata ija yafika. Ambiri mukudziwa kale momwe chaka chino chandiyendera, sindibwerezanso. Ndapatsidwa Commonwealth Shared Scholarship, ndipo mu Seputembala ndikupita kukachita mastazi ya chitetezo cha chakudya ku Natural Resources Institute, pa yunivesite ya Greenwich ku England. Mulungu alemekezeke. Ndikulemba maso akulemera ndi tulo, koma sindingagone ndisanathokoze.

Zikomo amayi chifukwa cha mapemphero a m'mamawa. Zikomo achimwene, mabando onse aja ndikuwakumbukira. Koma munthu amene ndikufuna mumudziwe ndi Madamu, mphunzitsi wanga wakale amene anapuma pantchito. Dzina sinditchula, sakonda zimenezo. Iwowa ndi amene anang'amba sitetimenti yanga yoyamba, ndipo zomwe anandiphunzitsa ndiziika pano kuti amene mukulembera chaka chino musagwe m'dzenje lomwelo.

Pa fomu pali gawo lolembedwa kuti "Personal statement", ndipo mawu ake sayenera kupitirira 500. Ine mawu oposa theka ndinathera pofotokoza umphawi: nyumba yaudzu, kupita kusukulu wopanda nsapato, fizi yovuta. Madamu anawerenga, nkuvula magalasi, nkunena kuti, "Mwana wanga, onse amene akulembera sikolashipu imeneyi ndi osowa. Ndi lamulo lake limenelo, kuti ukhale munthu amene sungathe kudzilipirira wekha ku UK. Ukalira umphawi ndime zitatu wangowauza kuti ukuloledwa kulowa pampikisano. Sunawauze chifukwa chokusankhira iweyo."

Zinandiwawa, koma zinali zoona. Osankha amayang'ana zinthu zitatu: momwe unakhozera kusukulu, dongosolo la zomwe ukukaphunzira, ndi phindu lomwe maphunzirowo adzabweretse kwanu. Kusowa kumangokutsegulira chitseko. Choncho Madamu anati kusowako kulembedwe m'ziganizo ziwiri kapena zitatu, zouma, zoti munthu angathe kuzitsimikiza: ntchito yomwe ukugwira, anthu amene amadalira malipiro ako, ndi kuti malipiro a chaka chonse sangafike pa fizi yokha, osanena za ndege ndi malo ogona. Mbiri ya kumudzi ilowe pokhapokha ngati ikufotokoza chifukwa chomwe unasankhira vuto limene ukufuna kulimbana nalo. Ya nsapato inachoka. Inatsala ya mtedza wa kwathu ku Mchinji, umene ogula ankaubweza chifukwa cha chuku.

Apa ndi pamene Madamu anandigwira kwa masabata atatu. Ndinali nditalemba kuti ndikufuna "kutukula ulimi m'Malawi". Anazunguliza chiganizocho ndi cholembera chofiira nkulemba pambali: ulimi uti, kuti, ndi ndani, pofika liti? Anati cholinga chimene munthu wina aliyense angachikopere nkuika pa fomu yake si cholinga. Tinachichepetsa mpaka chinafika pa chinthu chimodzi: aflatokisini, poizoni wochokera ku chuku cha mu mtedza. Msika wa ku Ulaya sulola mtedza woti anthu adye kukhala ndi poizoniyu wopitirira mamaikulogalamu 4 pa kilogalamu, ndipo poizoniyu amachuluka mtedza ukapanda kuuma bwino, ukasungidwa ponyowa, kapena anthu akauwaza madzi kuti makoko afewe pouswa. Chizolowezi chowaza madzichi aliyense wa kumudzi amachidziwa, ndipo Madamu anati ndichilembe ndithu, chifukwa kanthu kakang'ono kotero ndi kamene kamaonetsa kuti wolembayo anaimapo pakhomo pa mlimi, sanangowerenga malipoti.

Zolingazo zimakalowa kwambiri m'gawo lina lotchedwa "Development impact", lomwe limafunsa zinthu zinayi motsatana: vutolo likugwirizana bwanji ndi chitukuko, luso lako udzaligwiritsa ntchito bwanji ukabwerera, chidzasinthe nchiyani ndipo apindule ndani, komanso kusinthako kudzayezedwa bwanji. Funso lomalizali ndi limene anthu ambiri amalidumpha ndi mawu okoma. Ife tinayankha motere: ndikabwerera ndidzagwira ntchito ndi makopaletivi atatu kwa nyengo ziwiri zokolola, tidzatenga zitsanzo za mtedza tisanayambe, nkuyezanso pakutha pa nyengo iliyonse, ndipo muyeso wake udzakhala kuchuluka kwa matumba amene ali pansi pa malire aja. Ndinkafuna kulemba maboma khumi. Madamu anaseka mpaka kutsokomola. "Ndi galimoto ya ndani?" Makopaletivi atatu munthu angakhulupirire, maboma khumi, pa munthu mmodzi wongobwera kumene kusukulu, amaoneka ngati sunaganizepo za mtengo wa mafuta. Malawi 2063 tinaitchula kamodzi kokha, pa nsanamira ya ulimi wa phindu ndi wamalonda, osati kuiwaza ndime iliyonse ngati mchere.

Kenako nkhani yogwirizana ndi kosi. Ndinali nditalemba kuti yunivesiteyi ndi yotchuka padziko lonse. Madamu anandipatsa mayeso amene sindidzawaiwala: fufuta dzina la yunivesite, ikapo lina, ngati ndimeyo ikumvekabe bwino, ndiye kuti sunanene kanthu. Yanga inkamveka bwino ndi dzina lililonse. Anandituma kukawerenga mndandanda wa mamojulo a kosiyo, ndisankhepo awiri okha, ndipo pa iliyonse ndilembe chomwe sinditha panopa ndi chomwe ndidzathe ndikaimaliza. Mwachitsanzo, kuyeza chitsanzo cha mtedza ndimatha, koma kukonza dongosolo la HACCP, loona malo enieni amene chakudya chimaonongekera kuchokera kumunda mpaka m'thumba, sindinaphunzirepo. Kuvomera chomwe sudziwa kumaopsa, koma ndi pomwe pamaonekera kuti kosiyo ukuifunadi. Ukadzionetsa wodziwa zonse, osankha amadzifunsa kuti nanga ndalama zawo zikagwira ntchito yanji. Tinaonjezanso chiganizo chimodzi chonena kuti sukuluyi imadziwika ndi kafukufuku wa kasungidwe ka mbewu zikakololedwa, basi.

Chinthu chinanso chomwe chimagwetsa anthu: magawo kutsutsana. Sitetimenti ikunena za mtedza, dongosolo la maphunziro likunena za mkaka, kalata ya umboni ikunena kuti ndiwe katswiri wa nsomba. Madamu anaika mapepala onse pamkeka nkuwawerenga mokweza limodzi limodzi, kufufuza ngati akunena za munthu mmodzi. Olemba umboni muziwatumizira sitetimenti yanu msanga kuti adziwe zomwe mwalonjeza. Ndipo kumbukirani kuti pa Shared mumalembera kuwiri, ku Commonwealth Scholarship Commission ndi kuyunivesite komwe, ndipo masiku otsekera amatha kusiyana.

Pa za umboni pomwepa, bwana uja amene anandilonjeza kalata nkusiya kuyankha foni kutatsala masiku anayi, ndakukhululukirani. Amene munkati za kunja zimafuna kudziwana, ndaona mwayamba kale kutumiza mauthenga oti ndikakugulireni foni. Ndawawerenga.

Tinalemba kasanu ndi kawiri. Ulendo womaliza magetsi anali atazima, Madamu akuwerenga ndi tochi ya pafoni, shuga wawo atakwera, akuwerengetsa mawu ndi chala kuti tisadutse malire. Ndinawauza kuti tipitirize mawa. Anati mawa netiweki ikhoza kuvuta, titumize lero. Sanalandirepo kanthu, ngakhale nkhuku imene amayi anawatumizira anaibweza kuti ikaikire mazira.

Ambuye, muwasunge Madamu, muwaonjezere masiku, muwachotsere matenda amenewa. Madamu, Loweruka tikubwera ndi amayi. Nkhuku ija tikubwera nayonso, ndipo ulendo uno ifika yophika kale.